Mwana wakomoka katatu, andiuza kuti ndi njala: ndingadziwe bwanji ngati si mtima?

ZakhaliWaChamama
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndimalera mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 15 amene ali Folomu 2 kuno ku Chamama. Chaka chino wakomoka katatu. Koyamba kunali pa asembule m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ataima nthawi yaitali pamzere. Kachiwiri kunali m'tchalitchi, akuimba kwaya. Kachitatu ndi sabata yatha, pabwalo la mpira wamanja. Nthawi zonsezi amadzuka msanga, ndipo akapuma amayenda yekha. Nditapita naye kuchipatala china chaching'ono anamuyeza malungo, sanawapeze, ndipo anangondiuza kuti ndi njala, azidya m'mawa. Mwanayu amamwa phala tsiku lililonse asanapite kusukulu, ndimaphika ndine. Kodi kukomoka kumene sikuopsa ndi kumene kumachokera mumtima munthu angakusiyanitse bwanji?

MlimiWaFodya
Mayi, musade nkhawa. Atsikana amsinkhu umenewo amagwa kawirikawiri, makamaka nyengo yotentha. Wanga ankagwa pa asembule mpaka aphunzitsi anazolowera, ndipo lero ali ndi ana awiri. Muzimupatsa madzi ambiri basi.

GogoWaKaluluma
Inu mwanena kuti katatu. Kodi si khunyu limenelo? Mwana akagwa mobwerezabwereza, ife timayamba taganizira khunyu. Kodi amaphupha akagwa?

ZakhaliWaChamama
Agogo, m'tchalitchi ndinalipo. Manja ake anagwedezeka kawiri kapena katatu, kenako anatsegula maso n'kundizindikira nthawi yomweyo. Sanadzilume lilime ndipo sanatuluke thovu.

NamwinoWakale
Azakhali, ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndiyankha motalika chifukwa funso lanu ndi loyenera. Sindingathe kumuyeza mwana pafoni, koma ndingakuuzeni zimene ife timafunsa.

Kukomoka kwa kanthawi kochepa kotereku kumachitika pamene magazi opita ku ubongo achepa kwa masekondi ochepa. Kusiyana kuli pa chimene chawachepetsa. Pa kukomoka kofala kuja, mtima umakhala ulibe vuto lililonse. Munthu akaima nthawi yaitali, makamaka potentha, magazi amatsikira m'miyendo n'kukhala komweko, ndipo obwerera kumtima amachepa. Pamenepo minyewa imene imalamulira mtima ndi mitsempha imalakwitsa: m'malo mofulumizitsa mtima imauchedwetsa, ndipo m'malo mofinya mitsempha imaimasula. Mphamvu ya magazi imatsika, munthu n'kugwa. Akangogona pansi, mutu ndi mtima zimakhala pamlingo umodzi, magazi amabwerera ku ubongo, ndipo amadzuka, nthawi zambiri mphindi imodzi isanathe. Zomwezi zimachitikanso munthu akaona magazi, akabayidwa jakisoni kapena akamva ululu wadzidzidzi.

Popeza mphamvu ya magazi imatsika pang'onopang'ono, thupi limayamba lachenjeza. Mwana amamva kutentha, nseru, chizungulire, thukuta lozizira, m'makutu mumalira, mawu a anthu amamveka ngati akuchokera kutali, ndipo m'maso mumachita mdima. Oona amanena kuti milomo inatuwa, ndipo anagwera pansi pang'onopang'ono. Akadzuka amakhala wofooka, koma amadziwa kumene ali.

Kukomoka kochokera ku kagundidwe ka mtima n'kosiyana. Mtima uli ndi mphamvu yake yonga magetsi imene imauuza nthawi yogunda. Mphamvu imeneyi ikasokonezeka, mtima umathamanga mopitirira muyeso moti supeza mpata wodzaza magazi, choncho umapopa pachabe. Magazi opita ku ubongo amaduka kamodzin'kamodzi ngati mpopi watsekedwa. Mwana amagwa ngati mtengo wodulidwa, popanda chenjezo kapena atangomva mtima ukugunda modabwitsa, ndipo nthawi zambiri amavulala kumaso chifukwa satchinjiriza ndi manja. Choopsa n'chakuti mtima ukabwerera wokha m'malo mwake, mwanayo amadzuka ali bwinobwino, mwinanso kuposa wokomoka pa asembule. Choncho kudzuka msanga si umboni woti palibe vuto.

Kugwa kwa pa asembule ndi kwa m'tchalitchi kukufanana ndi mtundu woyamba. Kumene ndikufuna kumvetsa ndi kwa pabwalo. Anagwa ali mkati mothamanga, kapena anali ataima?

MphunzitsiWaMasewera
Pepani anamwino, kodi pali kusiyana pamenepo? Ine ndimaphunzitsa masewera kusukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu, ndipo tikakhala ndi mpikisano wothamanga, pamzere womaliza pamagwa ana chaka chilichonse. Timawakupiza ndi makatoni, timawathira madzi, amadzuka. Ndimaona ngati kugwa pamasewera ndi kutopa basi.

NamwinoWakale
Aphunzitsi, kusiyana kulipo ndipo n'kwakukulu. Mwana akamathamanga, minofu ya m'miyendo imafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kumtima. Akaima mwadzidzidzi pamzere womaliza, kukankha kuja kumatha pamene mitsempha idakali yotseguka, ndiye magazi amatsalira m'miyendo ndipo amagwa. Kumeneko nthawi zambiri ndi kukomoka kofala kuja, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kuti wothamanga akamaliza aziyendayenda kaye osati kuima chilili. Koma mwana amene wagwa miyendo idakali kuthamanga, pakati pa bwalo, alibe chifukwa choti magazi atsalire m'miyendo. Ameneyo timamuona ngati wodwala mtima mpaka atayezedwa, ndipo asabwerere m'bwalo asanayezedwe.

MphunzitsiWaMasewera
Zimenezi sindinkazidziwa. Ndikukumbukira mmene Marc-Vivien Foé wa timu ya Cameroon anagwera pakati pa bwalo mu 2003 ku Lyon, popanda womukhudza, ali ndi zaka 28 zokha. Tinkaonera pakanema ndipo tinkaganiza kuti adzuka.

NamwinoWakale
Eya, ndipo atamuyeza pambuyo pa imfa anapeza kuti minofu ya mtima wake inali yokhuthala mopitirira muyeso, matenda amene amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima munthu akamachita zamphamvu. Christian Eriksen wa Denmark anagwanso chimodzimodzi mu 2021, koma iye anapulumuka chifukwa anayamba kumupopa pachifuwa nthawi yomweyo n'kumuika makina odzutsa mtima.

MayiWaKwaya
Ine ndikufuna kugwirizana ndi agogo aja. Kugwedezeka kwa manja kuja musakupeputse. Mdzukulu wa mnansi wanga anayamba choncho, ndipo lero akumwa mankhwala a khunyu.

MwanaWaSanthe
Amayi, ndikupempha kuti ndikutsutseni mwaulemu, chifukwa zimenezi zinandichitikira ineyo. Ndili Folomu 3 ndinkakomoka ndikaona magazi, ndipo tsiku lina nditakomoka anzanga anandikhazika pampando m'malo mondigoneka. Akuti ndinagwedezeka kwambiri, ndipo kunyumba anayamba kundisala, mbale yanga inali yapadera. Dokotala amene anandiona pambuyo pake anafotokoza kuti ubongo ukasowa magazi kwa masekondi angapo, manja ndi miyendo zimatha kugwedezeka pang'ono ngakhale munthu alibe khunyu, makamaka akamugwira kuti asagone pansi. Anati pa khunyu kuphupha kumatenga nthawi, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, munthu amatha kudziluma lilime cham'mbali, ndipo akadzuka amakhala wosokonezeka kwa nthawi yaitali, osazindikira abale ake. Ine ndinkadzuka n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Panopa ndili ndi zaka 24 ndipo sindinamwepo mankhwala a khunyu. Ndionjezere kuti khunyu silipatsirana, choncho ngakhale likanakhala lomwelo, mbale yapadera ija inali yosafunika.

NamwinoWakale
Mwafotokoza bwino, mwana wanga. Pali mbali inanso imene imandiwawa: ana ena amene ali ndi vuto la kagundidwe ka mtima amagwedezekanso akagwa, ndipo amapatsidwa mankhwala a khunyu kwa zaka pamene vuto lili mumtima. N'chifukwa chake mwana amene akuti ali ndi khunyu, koma amagwa pokhapokha akamathamanga, akamasambira kapena akadzidzimuka, ayenera kuyezedwa mtima.

ZakhaliWaChamama
Ndaimbira mnzake amene ankasewera naye, ndipo ndafunsanso mwanayo payekha. Mnzakeyo akuti mpira unali utatuluka kunja, onse anali ataima kudikira kuti uponyedwe, ndipo panadutsa kanthawi asanagwe. Mwana wanga akuti anamva kutentha ndipo m'maso munada monga mmene zinachitikira pa asembule. Koma wanenanso chinthu chimene sananenepo kale, kuti mtima unkagunda mwamphamvu kwambiri asanagwe. Sindikudziwa ngati kunali kugunda kwa munthu amene wathamanga kapena kwina.

MlimiWaFodya
Ndiye mwamva nokha, anali ataima. Nkhani yatha pamenepo. Munthu aliyense akathamanga mtima umagunda.

NamwinoWakale
Achimwene, mwina mukulondola, ndipo zimene zanenedwazi zikutsamira mbali yabwino. Koma tisatseke nkhani tisanafunse funso lina limene limalemera mofanana ndi loyamba lija. Azakhali, m'banja mwanu kapena kuchimayi kwa mwanayu, kodi alipo amene anamwalira mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 40? Ndikutanthauza munthu amene anapezeka atafa m'tulo, amene anagwa akulima kapena akusewera, khanda limene linafa ligonere, kapena amene anamira m'madzi pamene ankadziwa kusambira. Kodi alipo amene anabadwa wosamva, kapena amene amakomoka akamva phokoso ladzidzidzi? Ndikufunsa chifukwa matenda ambiri a kagundidwe ka mtima mwa achinyamata ndi akumtundu, ndipo pa ena mwa iwo, kholo likakhala nawo mwana aliyense amakhala ndi mwayi wa theka wotengera.

ZakhaliWaChamama
Anamwino, funso lanu landikhudza kwambiri. Mlongo wanga wamng'ono, amene ndi bambo aang'ono a mwanayu, anamira mumtsinje wa Bua ali ndi zaka 19. Anakulira m'madzi amenewo, ankawoloka ngakhale nthawi ya dzinja, ndipo tsiku limenelo madzi anali ochepa. Anzake anati anangoona akumira osakuwa, osaphiriphitha. Pamudzi panamveka zambiri, ena anatchulidwa maina, ndipo mabanja awiri salankhulana mpaka lero. Palibe amene anaganizapo za mtima.

GogoWaKaluluma
Pepani mwana wanga. Imfa zoterezi ifenso tinaziona, ndipo tinkazimasulira mmene tinkadziwira.

MlimiWaFodya
Pepani mayi, ndinafulumira kulankhula. Komabe ndifunse anamwino: anthu amamira m'Bua pazifukwa zambiri, kodi si kuwaopseza mayiwa pachabe?

NamwinoWakale
N'zoona, palibe amene anganene lero chimene chinachitika m'madzimo, ndipo n'zotheka kuti nkhani ziwirizi sizikukhudzana. Koma pali matenda ena akumtundu amene mtima umachedwa kukonzekera kugunda kotsatira, ndipo mtundu wake wina umadziwika kuti umabuka makamaka munthu akamasambira. Mwana amene wakomoka pabwalo, amene wamva mtima ukugunda modabwitsa, ndipo bambo ake aang'ono anamira chonchi, sayenera kubwezedwa ndi mawu akuti ndi njala.

Azakhali, pitani naye kuchipatala chachikulu cha boma ndi buku lake lakuchipatala, ndipo musangonena kuti amakomoka. Nenani zinthu zitatu mwachindunji: wakomoka pamasewera, anamva mtima kugunda asanagwe, ndipo pali wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 19. Pemphani kuti amuyeze ECG. Amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina n'kulemba kagundidwe ka mtima papepala, sizipweteka ndipo sizitenga mphindi khumi. Amumvetserenso mtima ngati uli ndi kaphokoso, chifukwa kuno kwathu ana ambiri amawonongeka zitseko za mtima chifukwa cha zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe bwino. Amuyeze kuthamanga kwa magazi atagona, kenako ataima, komanso kuchuluka kwa magazi ndi shuga. Ngati makina palibe kapena pepala lakayikitsa, angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pakadali pano asasewere mpira, asasambe kumtsinje kapena kudamu, ndipo asamapite yekha kukatunga madzi pachitsime.

MzambaWaMtunthama
Ndionjezere chimodzi chimene ena amachita nacho manyazi. Kwa mtsikana wa zaka 15 amene akukomoka, ife timafunsa za kumwezi. Ngati amataya magazi ambiri mwezi uliwonse, magazi amachepa m'thupi ndipo kukomoka kumabwera mosavuta. Timayezanso ngati ali woyembekezera, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa ndi mmene timachitira ndi aliyense wamsinkhu umenewo. Azakhali, mumukonzekeretse kuti asakhumudwe akafunsidwa, ndipo mumupatse mpata wolankhula ndi adokotala payekha.

MphunzitsiWaMasewera
Anamwino, ndithandizeni ineyo amene ndimakhala ndi ana pabwalo. Mwana akagwa ndichite chiyani? Ife timathamangira anyezi ndi madzi ozizira.

NamwinoWakale
Anyezi alibe ntchito, aphunzitsi, ndipo musamuthire madzi kapena chakumwa m'kamwa asanatsitsimuke, angatsamwe. Choyamba onani ngati akupuma bwinobwino. Ngati akupuma, mugonekeni chagada pamthunzi, kwezani miyendo yake pachikwama kapena pampando, masulani zothina, ndipo anzake atalikire. Ngati akusanza kapena akuchedwa kudzuka, mutembenuzireni cham'mbali. Akadzuka asaime msanga, agone mphindi 10 kapena 15, chifukwa ambiri amagwanso kachiwiri akaimitsidwa mofulumira.

Koma ngati sakuyankha ndipo sakupuma, kapena akungopuma mobanika mwa apo ndi apo ngati nsomba yovuulidwa, kumeneko si kukomoka ayi, mtima waima. Tumani wina akapeze galimoto ndi thandizo, inu ikani manja onse awiri pakati pa chifuwa n'kumakanikiza mwamphamvu, kulowa masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Ana ambiri otere amatayika chifukwa anthu amaona kupuma kobanika kuja n'kuganiza kuti adzuka yekha.

Chinanso chimene mungachite ndi kulemba pomwepo zimene mwaona: ankachita chiyani, ananena chiyani asanagwe, anakhala nthawi yaitali bwanji. Mboni yoona ndi maso imathandiza adokotala kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa mwanayo sakumbukira zimene zinachitika ali chikomokere.

MwanaWaSanthe
Kwa amene ali ndi kukomoka kofala ngati ine, chimene chinandithandiza ndi kuphunzira chenjezo langa. Ine ndimayamba kuyasamula, kenako m'makutu mumalira. Ndikangomva zimenezo ndimanyonyomala kapena kugona pansi pomwepo, ngakhale pagulu. Ngati malo salola, ndimapingasa miyendo n'kulimbitsa ntchafu ndi matako, ndipo manja ndimakunga zibakera. Ndimamwanso madzi pafupifupi malita awiri patsiku ndipo sindidumpha chakudya cham'mawa. Papita zaka zitatu ndisanagwe.

ZakhaliWaChamama
Abale, ndabwerako. Ndinanena zinthu zitatu zija monga anandilangizira anamwino, ndipo adokotala anasiya kulemba n'kundiyang'ana pamene ndinatchula za mlongo wanga. Magazi apezeka kuti ndi 10.4, akuti ndi ochepa pang'ono, ndipo amupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Sali woyembekezera, shuga ali bwino, ndipo akuti mtima ulibe kaphokoso. Papepala la ECG palembedwa kuti mtima ukugunda 96 pa mphindi, pali QT 372, ndipo pafupi pake pali QTc 471 pamene adokotala azunguliza ndi cholembera. Akuti tibwerenso pakatha masabata awiri adzamuyezenso, ndipo alemba kalata yoti tikaonane ndi madokotala a mtima ku Lilongwe. Kodi nambala imeneyi ikutanthauza kuti ali ndi matenda aja?

NamwinoWakale
Siikutanthauza choncho, komanso siikumumasula. QT ndi nthawi imene zipinda zam'munsi za mtima zimatenga kuyambira pamene zalandira mphamvu yogundira mpaka pamene zakonzekanso, ndipo imayezedwa m'tizigawo ta sekondi imodzi yogawidwa ka 1000. Nthawi imeneyi imafupika mtima ukamathamanga, choncho makina amaikonza molingana ndi liwiro la mtima, n'kutulutsa QTc. Kwa mtsikana, nambala yosapitirira 460 imatengedwa kuti ili bwino, ndipo 480 kapena kuposa, ikapezeka mobwerezabwereza, ndi pamene madokotala amanena molimba mtima kuti matenda alipo. Wanu ali pakati.

Pali zifukwa zoti nambalayo ikhoza kutsika. Njira imene makina ambiri amawerengera imakweza nambala mtima ukamagunda mofulumira, ndipo 96 ndi liwiro la mwana amene ali ndi mantha komanso magazi ochepa. Akadzamuyezanso apume kaye atagona, ndipo adokotala ayeze okha papepala osangodalira makina. Mankhwala ena amatalikitsanso QT, monga kwinini, elithiromaisini, sipulofulokisasini ndi amitiriputilini, komanso kutsekula m'mimba kapena kusanza kumene kumachepetsa mchere wa potaziyamu m'thupi. Ngati wamwa chilichonse masabata apitawa, ngakhale chogula pagolosale, muwauze adokotala, ndipo kuyambira lero aliyense womulembera mankhwala aziona pepala limeneli.

Ndinenenso mbali inayo kuti musadzadabwe. Ngakhale nambala itatsika, madokotala a mtima angafunebe kumuunika mtima ndi makina ojambula kapena kumuyeza akuchita zamphamvu, chifukwa matenda ena saoneka munthu atagona phee. Angapemphenso kuti bambo ake, inuyo ndi abale ake muyezedwe. Matendawa akapezeka ali ndi mankhwala, monga puropuranololo, amene amachepetsa kwambiri ngozi ngati amwedwa tsiku lililonse osadumphitsa.

MlimiWaFodya
Ine ndikuonabe kuti magazi ochepawo ndi dzuwa ndi zimene zikumugwetsa, ndipo ndikupemphera kuti zikhale choncho. Koma wanga uja amene ankagwa pa asembule ndamuimbira kumufunsa ngati anagwapo akuthamanga. Akuti ayi.

MayiWaKwaya
Nanga kwaya aziimba, kapena nayonso aleke?

ZakhaliWaChamama
Adokotala anati kwaya aziimba, koma aziima kumapeto kwa mzere pafupi ndi benchi, ndipo akamva kutentha kuja akhale pansi osadikira kuti nyimbo ithe. Mpira ndi kumtsinje ayi mpaka titabwerako ku Lilongwe. Iye akudandaula chifukwa timu yawo ili ndi masewero Loweruka likubwerali ndipo ndiye amaponya zigoli. Bambo ake ali ku esiteti cha ku Mchinji, ndawaimbira usiku wathawu kuti abwere tidzayezedwe tonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri tinakamba za mng'ono wawo uja. Akuti akukumbukira kuti nayenso anagwapo kamodzi akuthamangitsa ng'ombe, chaka chimodzi asanamire, koma anadzuka n'kupitiriza, ndipo palibe amene anauza amayi.